Omasulira kabuku ka nyali za sola: ntchito ndi yabwino, koma pepala lomaliza muliwone musanasindikize

Ndimagulitsa nyali za sola mopikulitsa kuno ku Lilongwe, ndipo anthu amene amaoda kwa ine amakagulitsa ku Mitundu, ku Nathenje, ku Kasiya ndi m'makomboni monga Chinsapo ndi Area 25. Nyalizi zimabwera ndi kabuku ka Chingerezi chokhachokha, ndiye ndinapereka kabukuko ku kaofesi kena ka omasulira ka ku Old Town kuti akalembe m'Chichewa. Kabuku katsopanoka tsopano kali m'makatoni onse amene ndikugulitsa, ndipo ndamva zokwanira kuchokera kwa ogula kuti ndinene maganizo anga. Ndikuwapatsa nyenyezi 4 mwa 5. Kumasulira kwenikweniko anakuchita mwaluso. Pamene panavuta ndi poyala mawuwo papepala, ndipo ndifotokoza.

Nyali yake ndi yaing'ono, ya banja limodzi. Ili ndi panelo yakeyake ya chingwe chachitali, batani limodzi, kanyali kakang'ono kosonyeza mmene batire lilili, ndi mabowo awiri m'mbali. Bowo lozungulira analemba DC IN, ndipo ndi polowetsa chingwe cha panelo. Linalo analemba USB, ndi potchajira foni. Kabukuko kali ndi masitepe 9, chithunzi chimodzi cha zigawo 8 zolozedwa ndi timivi, ndi tebulo la mavuto kumapeto.

Chimene chinandipatsa chikhulupiriro msanga ndi chakuti mayi amene anagwira ntchitoyi anakana kuyamba ndi kabuku kokha. Anati, "Bambo, tibweretsereni nyali imodzi ndi panelo yake, tiigwire ndi manja." Anayesa sitepe iliyonse asanailembe. Phindu lake linaoneka pa sitepe 3, imene ndi yobweretsa madandaulo ambiri pa nyalizi. Nyali ikamachoka kufakitale imakhala yotsekedwa kuti batire lisathe panjira, ndipo siyaka mpaka munthu atadina batani osachotsa chala kwa masekondi 5. Ogula ambiri ankangodina kamodzi, n'kuona kuti siikuyaka, n'kubweza kuti ndi yakufa. M'Chingerezi nkhaniyi inali itakwiriridwa m'chiganizo chimodzi chachitali chokhala ndi zochita zitatu. Mayiwo anazilekanitsa, chilichonse pamzere wake: dinani batani osachotsa chala, werengani pang'onopang'ono mpaka 5, kanyali kobiriwira kakaphethira, chotsani chala. Kuwerenga mpaka 5 ndi nzeru yawo, chifukwa palibe amene amayang'ana wotchi atagwira nyali yatsopano.

Koma onani chimene sanachite. Sanasandutse mizere itatuyo kukhala sitepe 3, 4 ndi 5. Akanatero masitepe akanakhala 11, ndipo chilichonse cha m'munsi chikanasuntha. Tebulo la mavuto limati nyali ikakana kuyaka bwererani ku sitepe 3, foni ikakana kutchaja onani sitepe 7. Pa katoni palinso tizithunzi tokhala ndi manambala omwewo, ndipo katoniyo sindingaisinthe chifukwa imabwera yosindikiza kale. Nambala imodzi ikangosuntha, munthu wa vuto la foni amatumizidwa pa malangizo opukuta panelo, ndipo iye sangadziwe kuti cholakwika ndi pepala. Ichi ndiye chinthu choyamba chimene ndingauze aliyense amene akupereka ntchito yotere: muone ngati manambala a Chichewa akufanana ndi a Chingerezi, kenako mutsate "onani sitepe yakuti" aliyense ndi chala mpaka pamene akulozapo.

Pa chithunzi ndi pamene ntchito inakula. Chichewa chimafuna malo ambiri kuposa Chingerezi. Kanyali kaja Chingerezi chimakatchula ndi mawu awiri afupiafupi, koma ife timati "kanyali kosonyeza kuti batire likutchaja", ndipo zimenezi sizingakwane m'kabokosi kochepa ngati chikhadabo. Omasulira ena amafupikitsa mpaka tanthauzo litatha, ena amachepetsa zilembo mpaka agogo sangaziwerenge madzulo. Awa anachotsa mawu onse pachithunzi, n'kuika chilembo chimodzi pamapeto pa kamuvi kalikonse, A mpaka H, ndipo mayina athunthu anawandandalika pansi pa chithunzicho. Anasankha zilembo osati manambala kuti zisasokonezeke ndi masitepe. Ndiye sitepe 4 imati, "Lowetsani chingwe cha panelo m'bowo lozungulira D, lolembedwa DC IN." Munthu ali ndi njira zitatu zopezera bowolo: maonekedwe ake, chilembo cha pachithunzi, ndi mawu amene akuwaona pa nyali yeniyeniyo.

Mawu olembedwa pa nyali, DC IN, USB, ON ndi OFF, anawasiya momwemo, ndipo ndikugwirizana nazo ndi mtima wonse. Pulasitiki ya nyaliyo siimasuliridwa. Kabuku kakanati "polowera moto" basi, munthu akanatembenuza nyali mbali zonse kufuna mawu amene palibe. Anasunganso dzina limodzi pa chinthu chimodzi kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Chingwe ndi chingwe paliponse, sichisanduka waya pa sitepe 6, ndipo batani silisanduka switchi m'tebulo. M'kalata kapena m'nkhani kusinthasintha mawu kumakometsa, koma m'malangizo kumachititsa munthu kuganiza kuti pali zinthu ziwiri.

Chinthu china chimene sindinayembekezere n'chakuti anandiimbira foni za sitepe 5. Chingerezi chinkati panelo iyang'ane kummwera. Malangizo amenewo ndi oona kwa anthu a ku China kapena ku Ulaya, amene ali kumpoto kwa ikweta. Lilongwe ali madigiri pafupifupi 14 kummwera kwa ikweta, ndipo kwa miyezi yambiri ya chaka, makamaka mu Juni ndi Julaye, dzuwa la masana limapendekera kumpoto. Panelo yoyang'ana kummwera nthawi yozizira imalandira dzuwa mopereweza, batire silidzaza, ndipo nyali imathima ana asanamalize kuwerenga. Mayiwo sanasinthe mwakachetechete, komanso sanangomasulira cholakwikacho. Anandifunsa kaye, ine ndinatsimikiza ndi amene amanditumizira katundu, kenako analemba kuti panelo iyang'ane kumpoto itapendekeka pang'ono. Anawonjezera mzere umene ogula amauyamikira kwambiri: "Mukayang'ana kotulukira dzuwa, kumpoto kuli kudzanja lanu lamanzere." Chenjezo lakuti nyali isaikidwe padzuwa pamodzi ndi panelo, chifukwa kutentha kumaononga batire, analiika pamwamba pa sitepeyo osati pansi, kuti munthu aliwerenge asanakwere padenga.

Tsopano zimene zinachotsa nyenyezi imodzi.

Choyamba chinachokera mu nzeru zawo zomwe zija. Mizere itatu ya sitepe 3 poyamba anaitcha 3a, 3b ndi 3c, pamene zigawo za pachithunzi zilinso A, B ndi C. Ife amene tinkaidziwa nyaliyo sitinaone vuto. Linaonekera pamene mmodzi wa ooda anga wa ku Mitundu anapatsa amayi ake pepala loyeserera ndi nyali yosatsegula, iye n'kukhala chete pambali. Amayiwo anawerenga bwinobwino mpaka 3b, kenako anabwerera pachithunzi kukafuna B, amene ndi chogwirira, n'kuyamba kukanikiza chogwiriracho uku akuwerenga mpaka 5. Anatsata pepala mokhulupirika, pepalalo ndi limene linawasocheretsa. Omasulira nditawauza sanakangane nane, anachotsa tizilembo tija n'kuika timadontho, ndipo sanandilipiritse. Komabe kuyesa kabuku pa munthu amene sanaionepo nyaliyo kunayenera kukhala mbali ya ntchito yawo. Anthu odziwa kugwira nyali ndi manja asanalembe anayenera kudziwanso kuti womasulira sangadziyese yekha.

Chachiwiri ndi chimene chinandikhumudwitsa. Mawu anawapereka mu Word ali bwino, koma kuyala patsamba anapatsa mnyamata wina wakunja kwa ofesi yawo, ndipo PDF imene inabwera kwa ine womasulirayo anali asanaionenso. Mawu ena anadulidwa pamalo osayenera kumapeto kwa mzere, moti "pang'ono" anakhala "pang" pamwamba ndi "'ono" pansi. Zimenezo n'zonyansa m'maso chabe. Choopsa chinali chakuti tsamba lachiwiri litayamba, manambala anayambiranso pa 1, ndiye kabukuko kanali ndi sitepe 1 ziwiri ndipo sitepe 7 imene tebulo limalozako kunalibe. Komanso timivi ta D ndi E tinali titasuntha pang'ono, moti D ankaoneka ngati akuloza USB. Chingwe cha panelo sichingalowe m'bowo la USB, koma munthu wokhulupirira chithunzi amakakamiza, ndipo bowolo likapindika foni siitchajanso. Ndinaziona nditasindikiza tsamba limodzi pa kukula kwake kwenikweni n'kuliika pafupi ndi nyali. Pa foni, pa WhatsApp, timivi tonse timaoneka ngati tili bwino. Anakonza, koma kubwezerana mafayilo kunandichedwetsa, ndipo katundu wina anapita ku Kasiya ndi kabuku ka Chingerezi kokha.

Za mtengo sindidandaula. Amawerengera mawu, ndipo zilembo za pachithunzi amazilipiritsa padera chifukwa ndi ntchito ya pamanja. Anandiuza zimenezi tisanayambe ndipo sanawonjezere kanthu pambuyo. Amayankha foni, ndipo amalankhula ndi munthu mwaulemu. Chichewa chawo ndi cha tsiku ndi tsiku, cha "dinani", "lowetsani", "musaike", chimene amayi a ku Mitundu aja anawerenga mokweza osakakamira paliponse.

Chiyambireni kuika kabukuka m'makatoni, nyali zobwezedwa kuti "siikuyaka" zachepa moonekeratu, ndipo ooda anga akuti akaimbiridwa foni amangonena kuti tsegulani pa sitepe 3, nkhani n'kutha. Funso limene latsala ndi la nthawi ya fumbi, Seputembala ndi Okutobala, pamene panelo imada ndipo nyali imafooka. Malangizo opukuta ndi kansalu konyowa alimo, pa sitepe 8, koma m'tebulo la mavuto mulibe mzere wolozako chifukwa m'Chingerezi munalibenso. Ndawapempha kuti auwonjezere tikamasindikizanso.

Ndili ndi sola ina yaikulupo, ya mababu atatu ndi wailesi, imene kabuku kake kali ndi zithunzi zinayi. Ndiwapatsanso anthu omwewa, koma ulendo uno tilemberana kuti womasulira yemweyo asaine pa tsamba losindikizidwa pa kukula kwake kwenikweni, atatsata kamuvi kalikonse ndi nambala iliyonse, ndisanapereke ndalama yomaliza.