Nyumba yogona ya ku Matundo, Tete: mayi ake ndi abwino koma mnyamata woyang'anira ayi

Nyumbayi ili bwinobwino pa 1,800 metikashi usiku umodzi, fani ikugwira, bedi ndi loyera, ndipo sipatali ndi buliji ya Samora Machel. Chomwe chinandikwiyitsa ndi mpopi wa kukhitchini.

Mpopiwo umangozungulira osatseka, madzi chuu usiku wonse mpaka pansi ponse kunyowa. Ndinamuuza mnyamata woyang'anira pamalopo, iye Chinyanja amamva bwinobwino, koma yankho lake linali loti mawa, mawa lakelo osafika, kenako akundifunsa ngati sindinaupotokole ndekha mwamphamvu. Zinandiwawa kwambiri, munthu walipira ndalama zako ukukolopa m'nyumba ya eni ndi kutentha kwa ku Tete kuja, wina nkumakunamizira.

Ndiye ndinapempha mnzanga wa ku Zobuwe andithandize kulembera mwini nyumba pa WhatsApp, poti mayiwo amayankhula Chipwitikizi chokha. Tinalemba chonchi:

```
Bom dia, senhora. Desculpe o incómodo. A torneira da cozinha
está avariada, não fecha desde ontem à noite. Seria possível
mandar um canalizador hoje? Estou em casa até às 11 horas.
Muito obrigada.
```

Mwachidule tinawapatsa moni, kupepesa powavutitsa, kunena kuti ndi mpopi wa kukhitchini ndipo sukutseka kuyambira dzulo usiku, kenako kufunsa ngati zingatheke kutumiza pulambala lero, ndi nthawi yomwe ndikhale ndilipo. Ine ndimafuna tiyikemo za mnyamata uja koma mnzangayo anakana, akuti ukayamba ndi madandaulo munthu amayamba kudziteteza, komanso kwa munthu wamkulu sulamula kuti tumizani, umafunsa ngati nkotheka. Tinatumizanso kavidiyo ka madzi akutayika. Abambo mukamakopera uthengawu kumapeto mulembe obrigado.

Mayi aja anayankha pompopompo, akupepesa, kuti sanauzidwe chilichonse. Anandiuza nditseke kaye kavavu kali kunsi kwa sinki, komwe mnyamata uja sanandionetse nkomwe. Isanakwane 11 koloko pulambala anali wafika. Anati mpopi ukamangodontha pang'onopang'ono nthawi zambiri ndi kamphira kamkati katha, koma ukamazungulira osagwira ngati uwu ndiye kuti mazinga adyeka, ndipo amadyeka pang'onopang'ono pakapita nthawi, si za tsiku limodzi. Anasintha mutu wonse wa mpopi, ine osalipira kanthu, madzulo mayiwo analembanso kufunsa ngati zili bwino.

Ndinali nditakonzeka kupereka nyenyezi imodzi koma ndikupereka zitatu, mwina zinayi chifukwa cha mayiwa. Ndikadzapitanso ku Tete ndidzagona pomwepo, koma nambala ya mwini nyumba muitengeretu tsiku lofika, chikawonongeka china musataye nthawi ndi wa pageti.