Makina oyesera kupotoka kwa mapaipi: nyenyezi zinayi, koma zopanira zake muzisamale nazo

Ndimaphunzitsa za kulimba kwa zitsulo, ndipo makinawa ndawagwiritsa ntchito miyezi isanu ndi umodzi tsopano. Ndi tebulo lachitsulo lokhala ndi zopanira ziwiri. Chimodzi chimagwira paipi kuti isasunthe, china chimazungulira pa bering'i ndipo chili ndi mkono wa mamilimita 250 wopachikapo zolemera. Amabwera ndi geji ya muvi yowerenga mpaka 0.01 mm komanso mapaipi angapo a aluminiyamu. Ine ndinawagula chifukwa cha mapaipi awiri okha: ya makona anayi yotsekeka mbali zonse, ndi inzake yofanana nayo ndendende koma yong'ambidwa kuchokera kumapeto kufika kumapeto.

Chimene ndinkafuna kuti ophunzira aone ndi maso ndi chimene timachitcha shiya fulo, chomwe m'mabuku chimalembedwa ndi chilembo cha q. Mukapotokola paipi yotsekeka ya khoma lopyapyala, mphamvu imayenda m'khomamo mozungulira paipi yonse ngati madzi m'ngalande yobwerera pomwe inayambira. Madzi odutsa ndi omwewo paliponse, koma pamene ngalande yapanikizika amathamanga kwambiri. N'chimodzimodzi apa: q sasintha pozungulira ponse, koma pamene khoma lapyapyala, sitiresi, kapena kuti mphamvu imene kachigawo kalikonse ka chitsulo kakusenza, imakwera chifukwa q yemweyo akudutsa pachitsulo chochepa. Masamu ake anawalemba Rudolf Bredt mu 1896, ndipo ndi awa:

```
q = T / (2·Am)
τ = q / t
θ = T·L·S / (4·Am²·G·t)
```

τ ndi sitiresi, θ ndi kupotoka kwa paipi m'maradiani, Am ndi eriya imene ndikuifotokoza pansipa, T ndi mphamvu yopotokola, t ndi kuchindikala kwa khoma, S ndi mtunda wozungulira khoma, L ndi kutalika kwa gawo limene mukuyeza, ndipo G ndi kulimba kwa chitsulocho pochipotokola. Mzere wachitatuwo umagwira ntchito pokhapokha khoma likakhala lofanana kuchindikala mbali zonse.

Paipi yotsekekayo ndi ya mamilimita 40 mbali iliyonse mukayeza kunja, khoma lake mamilimita 2. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amapunthwa. Am si eriya ya kunja kwa paipi, komanso si ya chitsulo chokha. Ndi eriya yozunguliridwa ndi mzere wodutsa pakati penipeni pa khoma. Ndiye mbali iliyonse imakhala 38, osati 40, zomwe zikupereka Am ya 1444 mm² ndi S ya 152 mm. Wotenga 1600 ya kunja amapeza q wochepa ndi pafupifupi 10 pa 100 iliyonse. Kabuku kobwera ndi makinawa kanajambula mzerewu bwino lomwe, ndipo pamenepa ndikuwayamikira.

Tikapachika makilogalamu 10 pamkono uja, T imakhala pafupifupi 24,500 N·mm. Kugawa ndi 2888, yomwe ndi 2·Am, q akutuluka 8.5 N/mm, ndipo pakhoma la mamilimita 2 sitiresi ndi 4.2 MPa basi, yomwe kwa aluminiyamu ndi masewera chabe. Tikatenga G ya 26,000 N/mm² ndi L ya mamilimita 500, paipi iyenera kupotoka ndi madigiri 0.25. Pakamkono koyezera ka mamilimita 200, muvi wa geji uyenera kusuntha mamilimita 0.86.

Tsiku loyamba geji inaonetsa 1.15. Ndinayamba ndakayikira masamu anga, kenako ndinakayikira aluminiyamu. Chinandiululira vuto ndi kuchotsa zolemera. Muvi sunabwerere pa ziro, unaima pa 0.2. Pa sitiresi yochepa chonchi chitsulo sichingapindike n'kukhaliratu, ndiye chimene chinasuntha si paipi ayi, koma kagwiridwe kake. Opanga makinawa anaika geji pa chopanira chozunguliracho, ndiye imawerenga kupotoka kwa paipi kuphatikizapo kuterereka kwa m'zopanira ndi kugwedera kwa mabawuti. Ichi ndi chifukwa chake ndachotsapo nyenyezi imodzi. Ndipo musaganize zongomanga mabawuti mwamphamvu. Ndinayesa, khoma linayamba kulowa m'kati chifukwa mulibe chotchinjiriza.

Ndinachita kusema timatabwa tolimba n'kutilowetsa m'kamwa mwa paipi mbali zonse ziwiri. Kenako ndinamangirira timikono tiwiri papaipi penipenipo, motalikirana mamilimita 500 komanso motalikirako ndi zopanira, n'kubwereka geji yachiwiri. Kupotoka kwenikweni ndi kusiyana kwa zimene mageji awiriwo akuonetsa. Pamenepo ndinapeza 0.90. Chimene chinasiyanitsa 0.90 ndi 0.86 ndinachipeza nditayeza khoma ndi maikulomita: linali 1.9, osati 2. Popeza kupotoka kumakwera khoma likamachepa, kusiyana kwa magawo asanu pa 100 kunathera pomwepo. Yezani khoma la paipi yanu musanayambe, musakhulupirire nambala ya m'kabuku.

Koma chimene chimapangitsa kuti ndisanong'oneze bondo ndi paipi yong'amba ija. Kulemera kwake n'chimodzimodzi, ukaiona patali sungaisiyanitse ndi inzake. Komatu mng'alu uja wadula ngalande. Mphamvu singazungulirenso paipi yonse, ndiye imangozungulira m'kati mwa kuchindikala kwa khoma, kupita mbali ina kumaso kwa kunja n'kubwerera kumaso kwa m'kati, pa mpata wa mamilimita awiri okha. Masamu a Bredt sagwiranso ntchito, timatenga awa:

```
J = S·t³ / 3
```

J ndi nambala yosonyeza mmene kaonekedwe ka paipi kamalimbirana ndi kupotoka, ndipo apa ikutuluka pafupifupi 405 mm⁴, pamene yotsekeka ili ndi 109,700 mm⁴. Kusiyana kwake ndi kokwana maulendo 270. Mwa masamu, magalamu 100 okha angaipotokole ndi madigiri 0.67, kuposa zimene makilogalamu 10 anachita pa yotsekeka ija. Ndimawapatsa ophunzira mapaipi onse awiri kuti apotokole ndi manja asanaike pamakina. Yotsekeka sigwedera n'komwe, pamene yong'amba imamvera ngati ndodo yaiwisi, ndipo ukayang'anitsitsa pamng'alupo umaona milomo iwiri ya chitsulo ikutsetsereka, wina kutsogolo wina kumbuyo. Wophunzira wina anangoti, "Aphunzitsi, ndiye kuti amene amadula mpata wautali pa paipi kuti adutsitsepo mawaya amakhala aipha?" Ndinamuuza kuti pa nkhani ya kupotokola, inde.

Pali chenjezo limene kabuku sikanalembe. Mukaika yong'ambayo pamakina n'kuimanga zolimba mbali zonse, simupeza 0.67 ayi, mupeza yocheperapo ndithu. Zopanira zimaletsa kutsetsereka kwa milomo kuja, ndipo paipi yaifupi chonchi imaoneka yolimba kuposa mmene masamu akunenera. Ine ndimamasulako mbali imodzi kuti nsonga ipeze mpata wosuntha m'litali. Komanso musaiyese ndi makilogalamu 10. Sitiresi yake mwa masamu ingafike cha m'ma 120 MPa, ndipo aluminiyamu wofewa angapindike osabwereranso.

Bering'i ya pafupi ndi mkono ndi yabwino, imanyamula kulemera konse kuti paipi isamawerame uku ikupotoka. Geji imakakamira pang'ono, muzigogoda tebulo ndi chala musanawerenge. Kwa amene akufuna kugula, itanitsanitu geji yachiwiri ndi timikono toyezera pamodzi ndi makinawo. Ndikanakondanso opanga makinawa akanaikamo paipi ya makoma osiyana kuchindikala, mwina 3 mbali ziwiri ndi 1.5 mbali zinazo, kuti tionetse sitiresi ikuwirikiza kawiri pakhoma lopyapyala pamene q ali yemweyo. Ndinawalembera kuwafunsa za paipi imeneyi miyezi iwiri yapitayo, mpaka pano sanandiyankhe.