Loko amaika pa khomo la akulu, osati la ana

Abale anga a ku Salima, makamaka inu amene achibale a kuno ku Joni anakutumizirani TV yolowa pa intaneti, ndati ndikuuzeni zomwe zinachitika kunyumba kwanga kufupi ndi Kamuzu Road, ine ndili kuno ku Cape Town.

Akaunti ya Netflix ndimalipira ndine, koma ndi ya pakhomopo. Amaonera ndi mayi a ana, mwana wathu wachisamba, mtsikana wa zaka 15, mzime wathu, mnyamata wa zaka 9, ndi alamu anga amene timasunga. Nditatsegula akauntiyo ndinapangira mzimeyo pulofayilo yakeyake ya Kids, yomwe imaonetsa zoyenera ana a zaka 12 kutsika m'munsi, mtima n'kukhala pansi kuti ndathana nazo.

Tsiku lina mayi akewo anandifunsa pa WhatsApp kuti, "Bambo a ana, kodi filimu ya anthu odulana makosi ili pa dzina langayi mwaika ndinu?" Inali pa mzere wa Continue Watching, itaoneredwa mpaka pakati. Ndinalowa mu akaunti pa foni yanga, n'kutsegula Viewing activity ya pulofayilo yawo. Mmenemo mumalembedwa filimu iliyonse ndi tsiku lomwe inaoneredwa. Masiku onsewo anali a pakati pa sabata, pamene iwo amaswera kumsika ndi kaunjika wawo, alamu ali ku ntchito. Woweruka msanga ku sukulu ndi mmodzi yekha pakhomopo.

Mnyamatayo sanathyole kalikonse. TV ikayaka imafunsa kuti akuonera ndani, iye amangosuntha limoti kamodzi, n'kudina dzina la mayi ake. Kulakwa kunali kwanga. Ndinamumangira kachipinda kake, zitseko za akulu n'kuzisiya pululu.

Kukonza kwake ndinachitira konkuno, pa tsamba la Netflix, mayi ali pa foni kundiuza zomwe TV ikuonetsa. Mukalowa pa Account, mumasankha pulofayilo ya munthu, kenako Profile Lock. Imayamba yafunsa pasiwedi ya akaunti, ndiye mumaika PIN ya manambala anayi. Ndinatero pa pulofayilo yanga, ya mayi, ya alamu, ndi ya mtsikana wamkulu yomwe, aliyense nambala yake. Yosakhoma inatsala ya Kids yokha. Ya mtsikanayo anthu amaiwala, chonsecho ikakhala yotsegula, wamng'ono amangolowera momwemo.

Mtsikanayo ya Kids sangailole, wakula, koma za 18+ ndinakana. Pa Viewing restrictions ya pulofayilo yake pali muyezo wa zaka, ndinauika pa 13+, ndipo zonse zoposera pamenepo sizioneka ngakhale azifufuze ndi dzina. Pomwepo palinso malo olembapo dzina la filimu imodziimodzi yomwe simukuifuna, ngakhale ili mkati mwa muyezo. Anadandaula sabata yathunthu. Tinagwirizana kuti tidzakambirananso akalemba MSCE.

Pali kabowo kena koti muzikadziwa. Mwana wochenjera akapeza zonse zokhoma, amadina Add Profile n'kudzipangira yatsopano yopanda malire. Akaunti imodzi imalola mapulofayilo asanu basi, ndiye kwathu anadzaza, bowolo linadzitseka lokha. Ngati kwanu ndi atatu kapena anayi, pokhoma pulofayilo yaikulu, ya mwini akaunti, chongani posonyeza kuti PIN izifunika munthu akafuna kuwonjezera pulofayilo. Komanso pasiwedi ya akaunti isakhale yodziwika kwa ana, chifukwa amene ali nayo atha kusintha PIN iliyonse ndi kukweza muyezo wa zaka. Ine ndinaisintha tsiku lomwelo, popeza yakaleyo inali italembedwa pa kalendala ya pabalaza.

Titamaliza, mayi anati TV sikufunsa nambala iliyonse. Zosinthazo nthawi zina sizifika pompopompo. Anatuluka mu akaunti pa TV n'kulowanso, kachizindikiro ka loko kanaoneka pa maina anayi aja.

Ndili momwemo ndinapezanso chimene chimatha bandulo. Pa Playback settings, pulofayilo iliyonse ili ndi muyezo wake wa data: Low imadya mpaka 0.3 GB pa ola, High imafika 3 GB pa zithunzi za HD. Makatuni a maola awiri pa tsiku, pa Low sapitirira 0.6 GB, pa High atha kufika 6 GB. Ya Kids ndinaika pa Low, ndinazimitsanso zoti gawo lina liziyamba lokha lina likatha.

Zonsezi zimagwira mkati mwa Netflix mokha. YouTube ya pa TV yomweyo ili ndi makonzedwe akeake, imeneyo tidakalimbana nayo.

Patapita milungu itatu, filimu ina yachilendo inaonekanso pa dzina la mayi. Manambala pa TV amabisika, koma chala pa limoti chimaoneka, ndipo mnyamatayo amakhala pamphasa pafupi ndi miyendo yawo, maso tong'o. Komanso nambala yomwe mayi anasankha inali chaka chomwe mnyamatayo anabadwa. Tinaisintha, ndipo pano mayi akamalowetsa PIN amayamba amutuma kukatunga madzi akumwa.