Otsegula imelo ndi odina linki: tikhulupirire ati?

Tiyerekeze kuti loji ina ku Zomba yatumiza imelo kwa anthu 1,000, lipoti n'kuonetsa kuti 600 atsegula, 20 adina linki, 9 adzichotsa pamndandanda wa olandira maimelo.

Nambala ya otsegulayo ine sindiikhulupirira. Munthu amawerengedwa kuti watsegula kachithunzi kobisika mu imelo kakatsitsidwa, koma kuyambira 2021 Mail Privacy Protection, njira ya Apple yotetezera chinsinsi cha owerenga imelo, imatsitsa yokha kachithunziko, ngakhale mwini foni sanawerenge. Mudzaona otsegula akukwera, odina ali pomwepo.

Kudina kumafuna chala cha munthu, choncho muyeso wabwinoko ndi 20 pa 1,000, osati pa 600, ngakhale makina achitetezo a m'maofesi ena amadinanso okha.

Anthu 9 aja ndiwo akundidetsa nkhawa. Ngati mwezi watha anachoka 2 okha, uthenga wa lojiwo sunawakomere.