Ndemanga: rauta ya TP-Link Archer AX23, patatha miyezi ingapo ikugwira ntchito m'nyumba

Ndaipatsa nyenyezi 4 pa 5. Chimene chandikhutiritsa kwambiri ndi netiweki yake ya alendo, ndipo ndilongosola chifukwa chake. Musanagule dziwani kuti ilibe polowetsa simukhadi, imalandira intaneti pa chingwe kuchokera ku modemu.

Mukailumikiza, lembani tplinkwifi.net kapena 192.168.0.1 pamalo polemba adilesi. Nthawi yomweyo imakuuzani kuti mupange pasiwedi yoyendetsera rauta, ndipo simungapitirire musanatero. Apa inaposa marauta akale aja amene ankangotseguka ndi admin ndi admin. Anthu ambiri amasokoneza mapasiwedi awiri: iyi ndi yosinthira zamkati mwa rauta, pomwe ya waifai ndi ija yolembedwa pa kapepala ka pansi pake. Zikhale zosiyana. Zikafanana, aliyense amene mwamupatsa waifai angathe kulowa n'kukusinthirani zonse. Ya pa kapepala ija isintheninso, chifukwa mwana wapanyumba yoyandikana akhoza kutembenuza rauta n'kuijambula ndi foni inu muli kukhitchini.

Pa Advanced, kenako Wireless, pali malo olembedwa Security. Sankhani WPA3-Personal ngati zipangizo zanu zikulola. Kusiyana kwake ndi WPA2, njira yakale yotetezera waifai, n'kotere. Pa WPA2, imene inabwera mu 2004, munthu ali kuseri kwa mpanda angathe kutola uthenga umene foni ndi rauta zimapatsana polumikizana, n'kupita nawo kwawo kukayesa mapasiwedi mamiliyoni pa kompyuta yake popanda inu kudziwa. WPA3, ya mu 2018, inatseka njira imeneyi: kuyesa kulikonse kumafuna kuti alankhule ndi rauta yeniyeniyo. Choncho ngati mwatsalira pa WPA2, utali wa pasiwedi ndiwo chitetezo chanu. Malire ake ndi zilembo 8 mpaka 63, koma 8 n'zochepa. Mawu anayi osagwirizana okwana zilembo 16 kapena kuposa ndi abwino kusiyana ndi dzina la mwana lophatikiza chaka chobadwa.

Vuto limabwera ndi zipangizo zakale. Foni ya Android wakale wosafika pa Android 10, TV yakale kapena kamera yotsika mtengo nthawi zambiri sizidziwa WPA3. Mudzazindikira chifukwa dzina la waifai likuoneka koma chipangizo chikungoti pasiwedi ndi yolakwika, inu mutalemba bwinobwino, kapena dzinalo silikuoneka n'komwe. Rauta ili ndi njira yophatikiza, WPA3-Personal+WPA2-PSK[AES], ndipo imathandiza, kungoti khomo la WPA2 limakhalabe lotsegula pa netiweki yanu yaikulu.

Apa m'pamene Guest Network imagwira ntchito yoposa dzina lake. Tiyerekeze nyumba ya malaputopu awiri, mafoni anayi atsopano, TV yakale ndi alendo obwera Loweruka. Malaputopu ndi mafoni akhale pa netiweki yaikulu ya WPA3-Personal. Yatsani ya alendo pa 2.4 GHz, popeza zipangizo zakale zambiri sizigwira 5 GHz, muipatse dzina lina, pasiwedi ina ndi WPA2-PSK[AES], TV ndi alendo apite kumeneko. Kenako onetsetsani kuti malo awiri olola alendo kuonana okhaokha ndi kufika pa netiweki yanu ya m'nyumba ndi osachongedwa. Mukachonga achiwiriwo, mpanda wonse wagwa. Kuyesa kwake n'kosavuta: lumikizani foni ku netiweki ya alendo, mulembe 192.168.0.1. Tsamba la rauta lisatseguke.

Phindu lake limaoneka bandulo ikayamba kutha msanga. Mafoni a masiku ano amagawa pasiwedi ndi kachizindikiro kongojambula, ndiye mlendo mmodzi akhoza kudyetsa mzere wonse wa nyumba. Mumangosintha pasiwedi ya alendo, kulembanso pa TV, zina zonse osazikhudza. Koma pulinta musaiike kumeneko, laputopu siidzaiona.

WPS, njira yolumikizira chipangizo ndi kabatani kapena nambala m'malo mwa pasiwedi, muizimitse. Nambala yake ya manambala 8 inapezeka mu 2011 kuti imathyoka ndi kuyesa kosapitirira 11,000, ndipo siyendera limodzi ndi WPA3.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa rauta yopanda simukhadi imakusiyani ndi zipangizo ziwiri zoti muziteteze. Modemu ya 4G imene ili kutsogolo kwake imapitiriza kuulutsa waifai yakeyake, kawirikawiri ndi pasiwedi ya kufakitale, ndipo wolowera kumeneko saona n'komwe WPA3 yanu. Lowani mu modemuyo, musinthe pasiwedi yake yoyendetsera, muzimitse waifai yake. Mukaiwala pasiwedi ya rauta, dinani kabatani ka Reset osasiya mpaka nyali yake ithwanime, koma zonse zimabwerera mmene zinachokera kufakitale ndipo netiweki ya alendo muyenera kuikonzanso.