Womasulira akamauza banja kuti nthawi yachepa

Mu wodi ina kuno ku Johannesburg, dokotala anauza amalume a mnzanga kuti khansa yafalikira ku chiwindi, ndipo tikuwerenga masabata, osati miyezi. Mawu amenewa angamasuliridwe m’njira ziwiri.

Mwana wa mlongo wawo, yemwe anathamanga kuchokera ku Mayfair, dera lina la mumzindawu, anasankha kufewetsa powamasulira. Anati, “Amalume, akuti mupume kaye, mankhwala akusintha.” Ulemu unalipo, koma uthenga unasowa. Zizindikiro zake zimaoneka msanga: dokotala walankhula mphindi ziwiri, womasulira wathera pa chiganizo chimodzi, ndipo wodwala akufunsa tsiku lobwerera ku ntchito.

Njira inayo ndi ya womasulira yemwe si wachibale. Amayamba wafunsa: “Bambo, mukufuna kumva zonse nokha, kapena tiuze wina wa kubanja?” Akalola kumva okha, amanena kuti, “Matenda afika poti sangachizike. Madokotala akuona kuti mwina kwatsala masabata, koma tsiku sangalidziwe.” Mawu akuti “mwina” asatayike, ndipo “masabata” asasanduke “posachedwa”.

Povuta kwambiri ndi pa chisamaliro chochepetsa ululu. Ukangoti “asiya mankhwala”, banja limamva kuti amutaya. Nenani chimene chikusiyidwa, monga mankhwala a khansa otchedwa kemo, ndi chimene chikupitirira: mofini wakumwa wochepetsa ululu maola 4 aliwonse, mankhwala a mseru, kumutembenuza pabedi.

Ine ndimakonda njira yachiwiriyi, ngakhale imawawa. Amalume aja ankafuna kukafera kwawo ku Mangochi, ndipo atamva zoona anali atafooka moti sakanathanso kukwera basi.