Patha miyezi 8 ndikupanga mavidiyo a zithunzi pa foni

"Achimwene, zija munayamba zopanga vidiyo kuchokera ku zithunzi zikuyendabe? Ndikufuna ndipange ya chinkhoswe cha mlongo wanga."

Zikuyenda ndithu amwene, ndikadali pa pulogalamu ya CapCut yomweyo, koma kapangidwe ndinasintha kwambiri. Poyamba ndinkayala zithunzi kenako nkumajambula mawu pamwamba, pano ndimayamba mawu, zithunzi zimatsatira pambuyo.

Chinandiphunzitsa ndi vidiyo yomwe ndinapanga pomwe timamanga chiliza cha agogo kwathu ku Santhe. Amalume anayankhula mbiri yawo mphindi 2, ndiye masekondi 120, zithunzi zinali 24, ndinawerengera masekondi 5 chilichonse ndipo zinakwana bwinobwino. Kenako ndinaika chosinthira zithunzi chotchedwa Mix cha theka la sekondi pakati pa zithunzi zonse, malo 23, osadziwa kuti zithunzi zikamalowana choncho zimadyerana nthawi, moti vidiyo inafupika ndi masekondi 11 ndi theka. Amalume akunena za ukwati wa agogo koma pa sikirini pali kale chithunzi cha zidzukulu, ndinamva chisoni chifukwa abale anali ataionera kale. Ndiye inu ikani kaye zosinthira zithunzizo, mukatero muzikoka chithunzi chilichonse kuti chisinthe pomwe woyankhula wapuma, osati ali pakati pa chiganizo. Masekondi 5 aja musawatenge ngati lamulo, chithunzi cha agogo atakhala pa mkeka akusenda mtedza nditaikonzanso vidiyoyo ndinachisiya masekondi 9 chifukwa mpomwe mawu a amalume ananjenjemera.

Za kuyendetsa chithunzi, ndimaika keyframe, kachizindikiro kokhala ngati dayamondi kaja, koyambirira kwa chithunzi Scale, yomwe ndi kukula kwa chithunzicho, ili pa 100, ina kumapeto ili pa 110, basi. Ndinkafika mpaka 150 pa masekondi 4 anthu nkumati mutu ukuzungulira. Chithunzi cha gulu, ngati ankhoswe a mbali zonse ataima pamzere, chikulitseni kaye kufika cha m'ma 120 kenako muchiyendetse pang'onopang'ono kuchoka kumanzere kupita kumanja, mukapanda kukulitsa mudzaona chakuda chikutulukira m'mphepete chifukwa chithunzi chatha. Ndipo muziyandikitsa ku nkhope, osati pakati pa chithunzi pomwe nthawi zambiri pamakhala mimba za anthu.

Abale akamatumiza zithunzi pa WhatsApp muwauze atumize ngati Document, zotumiza wamba zija zimachepetsedwa ndipo mukangoziyandikitsa nkhope zimafwifwa. Zithunzi zakale za m'chimbale ndimazijambula panja pamthunzi m'mawa, osayatsa fulashi.

Mawu ndimajambula usiku kuchipinda nditatseka chitseko, masana kwathu kuno nkhuku ndi njinga zamoto sizilola. Nyimbo yapansi muitsitse kwambiri, muyesere pa sipika ya foni osati mahedifoni, poti azakhali anu adzaonera pa foni pomwepo. Mukamaliza ya mlongo wanuyo mutumize kuno ndiione musanagawire anthu.